Kasitomala wakunja akuti watumiza, koma ndalama zafika zoperewera: mmene mungapezere pamene zathera

Amene timagwira ntchito za makasitomala akunja, kaya ndi kumasulira zolemba, kujambula, kulemba mapulogalamu kapena kugulitsa ziboliboli, vuto ili timalidziwa. Mwagwirizana madola 600, kasitomala wakutumizirani risiti yosonyeza madola 600, koma zimene zalowa mu akaunti mukaziwerengera sizikukwana. Nthawi zina sizilowa n'komwe, sabata n'kutha. Choyamba kubwera m'mutu n'chakuti kasitomala wakuberani kapena banki yakudyerani. Kawirikawiri palibe amene waba. Ndalama imadutsa m'manja ambiri isanakufikeni, ndipo dzanja lililonse limatapako. Ntchito yanu ndi kupeza dzanja limene latapa kwambiri, chifukwa mankhwala ake amasiyana.

Musanaimbire foni aliyense, tengani pepala mulembe manambala atatu: ndalama zimene zili pa invoisi, ndalama zakunja zimene zafika zisanasinthidwe kukhala makwacha, ndi reti imene agwiritsa ntchito posintha. Nambala yachiwiri ndi yachitatu nthawi zambiri sizioneka pa uthenga wa pafoni, umangoti mwalandira makwacha akutiakuti. Muzipemphe kubanki. Popanda manambala awiriwa mungokangana ndi anthu mopanda umboni.

Mukakhala nawo, yang'anani maonekedwe a ndalama yosowayo. Ngati yasowa ndi nambala yosalala ya madola, monga 15, 20 kapena 25, ndipo imakhala yomweyo kaya mwalandira zambiri kapena zochepa, ndiye kuti yadulidwa ndi mabanki a panjira. Ngati yosowayo imakula ndalama zikachuluka, ndiye kuti ndi peresenti, ndipo peresenti imabisala mu reti kapena mu chindapusa cha waleti ya pa intaneti monga PayPal. Ngati sizinafike n'komwe, ndalamayo sinadulidwe koma yaimitsidwa penapake, ndipo pali munthu amene akudikira pepala kuchokera kwa inu, kungoti sanakuuzeni.

Njira ya banki: madola osalala amene amasowa panjira

Banki ya kasitomala wanu ku Germany kapena ku Canada ilibe akaunti ku banki yanu ya ku Lilongwe. Uthenga wolipira umayenda pa SWIFT, njira imene mabanki a m'mayiko osiyanasiyana amatumizirana mauthenga, koma ndalama yeniyeni imadutsa ku banki ina yaikulu imene mabanki onse awiri amasungako madola awo, ndipo pa madola a America banki imeneyi imakhala ku New York nthawi zambiri. Nthawi zina apakatiwa amakhala awiri. Aliyense ali ndi ufulu wodulako yake, malinga ndi zimene wotumiza anasankha pa fomu.

Pa fomupo pali zosankha zitatu, ndipo ambiri mwa makasitomala amangodutsapo osawerenga. OUR ndiye kuti wotumiza alipira zonse, inu mulandire zathunthu. SHA ndiye kuti wotumiza alipira banki yake yokha, zotsalazo zidulidwe pa ndalama yanu. BEN ndiye kuti zonse, ngakhale za banki ya wotumiza, zichoke pa ndalama yanu. Mafomu ambiri amabwera atasankha kale SHA, n'chifukwa chake kasitomala amalumbira moona mtima kuti watumiza 600 ndipo walipiranso chindapusa, pamene inu mukulumbira moona mtima kuti mwalandira 575. Mabanki tsopano anasamukira ku mauthenga a mtundu watsopano, choncho pa mapepala ena muona DEBT m'malo mwa OUR, SHAR m'malo mwa SHA, ndi CRED m'malo mwa BEN. Tanthauzo ndi lomwelo.

Umboni wa zonsezi ndi pepala limene anthu akubanki amalitchabe MT103. Mizere yofunika kwa inu ndi inayi yokha:

```
:32A:250314USD575,00
:33B:USD600,00
:71A:SHA
:71F:USD25,00
```

Mzere wa 33B ndi zimene kasitomala analamula kuti zitumizidwe. Wa 32A ndi tsiku ndi ndalama zimene zafikadi. Wa 71A ndi chisankho chija, ndipo 71F ndi zimene zadulidwa panjira. Apa pali kamsampha. Kope limene kasitomala angakupatseni likuonetsa ndalama pamene inkanyamuka, apakati asanaikhudze, ndiye likhoza kuonetsa 600 m'mizere yonse iwiri. Kope limene likuonetsa zodulidwa ndi limene banki yanu inalandira. Mukapita kubanki nenani momveka kuti mukufuna kope la uthenga umene unalowa, osati sitetimenti wamba.

Ndikuonetseni ndi nkhani yanga. Manambala ndawasalaza kuti masamu aoneke bwino, musawatenge ngati mitengo ya banki ina iliyonse. Ndinamasulira kabuku ka zaumoyo, invoisi ya madola 600. M'mutu mwanga ndinali nditachulukitsa kale ndi 1,750, reti imene ndinaiona pa bolodi, n'kupeza K1,050,000, ndipo ndinali nditalonjeza kale mwininyumba. Zimene zinalowa ndi K960,500. Kusiyana kwake K89,500, ndalama yoti munthu sungangoinyalanyaza.

Pepala lija litabwera, nkhani inamasuka yokha. Banki ya panjira inadula madola 25, n'kutsala 575. Banki yanga inadula yake yolandirira ndalama zakunja, yofanana ndi madola 10, n'kutsala 565. Kenako anasintha pa 1,700, osati 1,750. Pa bolodi pamakhala mareti awiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo ine ndinayang'ana wolakwika. Mukamalandira madola, banki ikugula kwa inu, choncho reti yanu ndi yotsikayo. Madola 565 kuchulukitsa ndi 1,700 ndi K960,500 ndendende. Mukaigawa K89,500 ija, K42,500 inapita kwa apakati, K17,000 kubanki yanga, ndipo K30,000 sinatengedwe ndi aliyense, inali kulakwitsa kwanga powerengera.

Pa zitatuzi, chimene mungachisinthe mosavuta ndi choyamba. Lembani pa invoisi iliyonse, pansi pa nambala ya akaunti, kuti wotumiza asankhe OUR, ndipo mukambirane zimenezi musanayambe ntchito, osati ndalama itanyamuka kale. Makampani akuluakulu ena amakana chifukwa dongosolo lawo lolipirira linaikidwa pa SHA kwa aliyense. Musalimbane nawo, ingowonjezani madola 30 pa mtengo wanu ngati mzere wapadera wa zolipira kubanki. Dziwaninso kuti OUR si chitsimikizo chathunthu: pa madola a America zimachitika kuti banki yachiwiri ya panjira imadulabe kenakake. Zikatero woyenera kudandaula ndi wotumiza, ku banki yake, popeza ndiye analipira kuti zifike zonse.

Chinanso ndi ndalama imene mwalembera invoisi. Ngati kasitomala ali ku Britain ndipo mwamulembera madola, banki yake isintha mapaundi kukhala madola, yanu n'kusintha madola kukhala makwacha. Mwadulidwa kawiri. Mabanki athu amalandira mapaundi, mayuro ndi marandi, choncho funsani ngati mungalandire ndalama ya kwawo kwa kasitomala mwachindunji, isinthidwe kamodzi kokha. Ndipo musamulole kuti akuchitireni chifundo chotumiza makwacha kuchokera kunja musanaone reti yake. Banki yakunja ikasintha yokha kukhala makwacha, reti imaikidwa ndi anthu amene simungawafunse kanthu.

Amene amalandira mwezi ndi mwezi aganizire zotsegula akaunti ya ndalama zakunja, imene kubanki amaitcha FCDA. Ubwino wake ndi wakuti madola akalowa amakhala madola, mumasankha nokha tsiku losintha, ndipo pa ndalama zochuluka mutha kukambirana reti ndi a kubanki. Amene anali ndi madola mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anaona kusiyana kwake. Koma pali malamulo a Reserve Bank of Malawi okakamiza ogulitsa kunja kusintha gawo la ndalama zawo kukhala makwacha. Mu 2021 gawolo linaikidwa pa 30 peresenti, ndipo lamuloli lakhala likusinthidwa. Choncho mukaona kuti gawo la madola anu lasanduka makwacha popanda inu kupempha, musathamangire kuti akuberani. Funsani gawo limene likugwira ntchito pa mtundu wa ndalama zanu tsiku limenelo, komanso chindapusa cha pamwezi cha akauntiyo, chifukwa kwa wolandira kawiri pachaka ikhoza kudya zambiri kuposa zimene ikupulumutsa.

Zikapanda kufika n'komwe

Ndalama ya pa SWIFT imatenga tsiku limodzi mpaka masiku asanu ogwira ntchito. Werengani bwino masikuwo. Loweruka ndi Lamlungu sawerengedwa, maholide a kwa wotumiza, a ku America ndi athu sawerengedwanso. Yotumizidwa kumayambiriro kwa Julaye imapeza 4 Julaye ku New York kenako 6 Julaye kuno, ndipo sabata imatha popanda cholakwika chilichonse.

Masiku asanu akadutsa, pemphani kasitomala akupatseni UETR. Ndi nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 36, yogawidwa ndi timizere, imene imayenda ndi ndalamayo kuchokera poyambira mpaka pothera. Ndi nambala imeneyi banki ikhoza kuona pamene ndalama yaima. Mukangopita ndi chithunzi cha risiti, wa pakauntala angoyang'ana mu akaunti yanu n'kukuuzani kuti sizinafike, zimene mukudziwa kale. Pemphani kulankhula ndi a dipatimenti ya ndalama zakunja.

Nthawi zambiri mupeza kuti ndalama inafika kalekale ku banki yanu, ikungodikira kuti munene kuti ndi ya chiyani. Mabanki amalamulidwa kudziwa gwero ndi cholinga cha ndalama yochokera kunja, ndiye amafuna invoisi, kontirakiti kapena kalata ya kasitomala. Amatumiza imelo ku adiresi imene munalemba zaka zisanu zapitazo, kapena kuimba nambala imene munataya. Ine masiku ano ndimatumiza invoisi kubanki tsiku lomwelo kasitomala akanena kuti walipira, osadikira kufunsidwa, ndipo kuchedwa kwa mtundu umenewu kunatha.

Chifukwa china ndi dzina. Ngati akaunti ili m'dzina lanu la pa chiphaso cha unzika koma kasitomala walemba dzina la bizinesi yanu, kapena dzina lachidule limene mumasaina nalo maimelo, ndalama imaimitsidwa. Ikabwezedwa, apakati amadulanso pobwerera, moti kasitomala amalandira zochepa kuposa zimene anatumiza, n'kuyambiranso. Musalole kuti ibwezedwe ngati vuto ndi dzina lokha. Wotumiza apemphe banki yake itumize uthenga wokonza dzina. Pamakhala kachindapusa, koma n'kochepa poyerekeza ndi ulendo wobwerera.

Makasitomala a ku Ulaya amakakamiranso kufunsa IBAN, mtundu wa nambala ya akaunti umene mabanki a kwawo amagwiritsa ntchito. Malawi sagwiritsa ntchito IBAN. Auzeni asankhe fomu ya kutumiza kunja kwa Ulaya, alembe nambala ya akaunti ndi khodi ya SWIFT ya banki yanu. Khodiyo ili ndi zilembo 8 kapena 11, ndipo chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi ndi MW. Ngati pa risiti ya kasitomala pali zilembo zina pamenepo, ndalama yapita dziko lina. Ena amasokoneza Malawi ndi Mali pa mndandanda wa mayiko, musaseke, zimachitika.

Njira ya pafoni

Kulandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kudzera kwa makampani otumiza ndalama monga Mukuru kapena WorldRemit ndi kofulumira, mphindi zochepa zikakhala kuti zonse zili bwino, ndipo palibe banki ya panjira. Wotumiza amaona pa sikirini yake makwacha enieni amene mulandire asanadine. Nambala imeneyo ndiyo muyenera kumufunsa, osati chindapusa. Kampani yonena kuti kutumiza ndi kwaulere ikhoza kukhala kuti yabweza ndalama yake pa reti, pamene ina yolipiritsa madola 4 ikupereka makwacha ochuluka. Mareti a makampaniwa amasiyana ndi a kubanki, nthawi zina kutsika, nthawi zina kukwera, ndipo amasintha tsiku ndi tsiku.

Zikakanika, zifukwa zake ndi zochepa. Choyamba ndi nambala: wotumiza alembe +265 kenako nambala yanu popanda 0 woyambirira, ndipo asankhe netiweki yoyenera. Chachiwiri ndi dzina, liyenera kufanana ndi limene simu inalembetsedwa nalo. Ambiri tikuyenda ndi simu yolembetsedwa m'dzina la mchimwene kapena mayi, ndipo pa ndalama zakunja zimenezo sizidutsa. Chachitatu, chimene chimasokoneza anthu kwambiri, ndi malire. Waleti ya pafoni ili ndi malire a ndalama imene ingalowe kamodzi ndi imene ingakhalemo. Ngati zimene muli nazo kale kuphatikiza zimene zikubwera zikupitirira malirewo, ndalama yonse imakanidwa, sikuti imalowa theka. Wotumiza amangoona `Pending` kapena `Failed`. Onani balansi pa *211# kapena *444#, sunthani zimene zilimo kupita kubanki, ndipo funsani malire a akaunti yanu musanauze kasitomala kuti atumize.

Mtengo wa njirayi ulinso kumapeto. Kutapa kwa ejenti kuli ndi chindapusa chake, ndipo ndalama yokwana miliyoni simungaitape kamodzi pa kachibenchi ka pamsika, ejenti akuuzani kuti alibe ndalama yokwanira m'thumba. Mutapa kangapo, kulipira kangapo. Ngati zambiri mwa ndalamazo n'zolipirira lendi, fizi ndi magetsi, lipirani kuchokera pafoni pomwepo m'malo motapa kaye.

Pali chinthu chimene anthu sakonda kumva. Njira zambiri zotere zinapangidwira munthu kutumizira abale ake, ndipo malamulo a makampani ena amaletsa kulipirira malonda. Kasitomala amene ndi munthu payekha, wokulipirani madola 80 a kalogo, angathe kugwiritsa ntchito ngati kampaniyo ikuloleza. Koma bungwe kapena kampani ikana, chifukwa owerengera ndalama zawo amafuna umboni wa kubanki. Ku South Africa wotumiza amafunsidwa cholinga cha ndalama, ndipo kulemba kuti ndi mphatso pamene ndi malipiro a ntchito ndi bodza limene lingamuike iye m'mavuto. Kwa inunso, tsiku limene mudzafune ngongole kubanki, viza, kapena kufotokoza ndalama zanu ku MRA, timauthenga ta pafoni sitikuyankhulirani bwino ngati sitetimenti.

Mawaleti a pa intaneti

Makasitomala a ku America ndi ku Ulaya amakonda PayPal kapena Payoneer chifukwa kwa iwo ndi kudina kamodzi. Kwa inu ndi madulidwe atatu otsatizana: polandira, potulutsa, ndi posintha. Polandira malipiro a malonda ochokera dziko lina pa PayPal, yembekezerani kudulidwa maperesenti anayi kapena asanu ndi kandalama kena kochepa pamwamba. Pa Payoneer zimadalira mmene kasitomala walipirira: akalipira ndi khadi mumadulidwa zambiri, akalipira kuchokera ku akaunti yake ya banki mumadulidwa zochepa, choncho ndi bwino kumupempha njira yachiwiriyi. Kudula kwachitatu, kwa posintha, sikulembedwa ngati chindapusa. Mumangoona reti yotsikirapo ndi maperesenti awiri, atatu kapena anayi. Kuti muione, tengani makwacha amene alowa, gawani ndi madola amene munatulutsa, muyerekeze ndi reti yogulira ya banki yanu tsiku lomwelo.

Vuto lalikulu la mawaleti si chindapusa, ndi kulowetsa ndalama m'chikwama chimene simungathe kutsegula. Musanapereke adiresi kwa kasitomala, tsegulani tsamba lotulutsira ndalama muone njira zimene akaunti yanu ikupatsidwa, lumikizani khadi ya Visa kapena akaunti ya banki, ndipo yesani ndi kandalama kochepa mpaka kafike m'manja. Zololedwa zimasiyana dziko ndi dziko, ndiye zimene mnzanu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds amachita musaziyese kuti zitheka ku Mzuzu kapena ku Chipata. Makhadi ena amakana kulandira ndalama ngakhale amagula zinthu pa intaneti bwinobwino. Ndipo musalembetse akaunti ndi adiresi ya dziko limene simukhala. Zimayenda mpaka tsiku limene adzakufunseni chiphaso ndi umboni wa pokhala, ndalama zili mkati.

Mukaona ndalama yalowa koma yalembedwa `On hold`, musadandaule msanga. PayPal imasunga ndalama za ogulitsa atsopano, kapena ndalama yaikulu mosazolowereka, mpaka masiku 21. Zimathandiza kusonyeza pa malipirowo kuti ntchito yaperekedwa. Kumbukiraninso kuti wogula ali ndi masiku 180 oti adandaule, choncho sungani maimelo osonyeza kuti analandira ntchito n'kukhutira. Kasitomala akanena kuti atumize ngati `Friends and Family` kuti mupewe chindapusa, dziwani kuti kulandira malipiro a malonda mwanjira imeneyo ndi kuphwanya malamulo awo, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa.

Ngati yosowa ndi yaikulu komanso yosalala, monga 30 peresenti yeniyeni kuchokera ku kampani ya ku America, si waleti imene yadula. Ndi msonkho umene wotumiza wasunga. Funsani ngati munadzaza W-8BEN, fomu ya msonkho ya ku America yosonyeza kuti ndinu wa dziko lina, komanso ngati malipiro anu awalemba ngati a ntchito yogwiridwa kuno kapena ngati ndalama za umwini wa nyimbo, zithunzi kapena mabuku, chifukwa mitundu iwiriyi imaonedwa mosiyana.

Kuyerekeza njira zitatuzi pa invoisi imodzi

Tibwerere ku madola 600 aja, ndi manambala achitsanzo. Kubanki tapeza K960,500. Pa waleti, tiyerekeze kuti polandira adula 4.4 peresenti ndi masenti 30, ndiye madola 26.70, kutsala 573.30. Potulutsa adula madola 5, kutsala 568.30. Reti yatsika ndi 3 peresenti kuchoka pa 1,700 kufika pa 1,649. Zofika m'manja ndi pafupifupi K937,100. Pafoni, kasitomala wachotsa madola 4 a chindapusa, 596 asinthidwa pa 1,690 kukhala K1,007,240, kutapa kwadya K15,000, kutsala K992,240.

Tsopano chepetsani invoisi ikhale madola 100, mitengo ikhale yomweyo. Kubanki madola 35 aja sasintha, ndiye mutsala ndi 65, amene ndi K110,500. Gawo limodzi mwa atatu lapita. Pa waleti mutsala ndi madola 90.30, pafupifupi K148,900. Pafoni madola 96 akupatsani K162,240, kuchotsa K3,000 yotapira, K159,240. Ikulitseni ifike madola 3,000: kubanki mulandira K5,040,500, pa waleti pafupifupi K4,720,600, kusiyana kwa K320,000 pa invoisi imodzi. Pafoni ndalama yotere igunda malire, n'kufuna kuigawa m'zidutswa, ndipo kugawa ndalama m'zidutswa zotsatizana ndi chimene chimachititsa makampaniwa kuimitsa akaunti kuti afufuze.

Chifukwa chake n'chosavuta. Banki imadula kwambiri ndalama yokhazikika, waleti imadula peresenti. Ndi manambala achitsanzowa, njira ziwirizi zimakumana pa madola pafupifupi 400: kutsika pamenepo waleti ili bwino, kukwera pamenepo banki ili bwino. Anu adzakumana pena, koma muwerengere chimodzimodzi, pogwiritsa ntchito malipiro atatu omaliza amene munalandiradi. Ine kasitomala wa tintchito ting'onoting'ono ndimamupempha kuti tisonkhanitse, ndilembe invoisi imodzi kumapeto kwa mwezi kapena ikafika madola 500. Madola 35 odulidwa kamodzi amapiririka, odulidwa kanayi pamwezi ndi lendi. Kuipa kwake n'kwakuti mukumugwirira ntchito pangongole, ndiye muchite zimenezi ndi amene anakulipiranipo kale.

Wina adzakuuzani kuti masamu onsewa n'ngachabe popeza mavenda a ndalama akupereka reti yoposa ya kubanki, ndipo adzakulozerani munthu wa kunja woti alandire madola anu, mnzake wa kuno akupatseni makwacha. Kusiyana kwa reti n'koona, tonse timakuona. Koma kusintha ndalama kunja kwa mabanki ndi mabyuro ovomerezeka n'koletsedwa ndi lamulo, kasitomala wanu walipira munthu amene dzina lake silili pa invoisi, ndipo munthuyo akazimitsa foni mulibe kokadandaula.

Imelo yonena kuti mwalipidwa

Vuto lina limaoneka ngati kuchedwa koma silili. Kasitomala watsopano watumiza chithunzi cha risiti, kenako imelo yooneka ngati ya kampani ya waleti ikuti ndalama yaimitsidwa mpaka mulipire kenakake kuti akaunti ikwezedwe, kapena mpaka mutumize katundu. Kapena akuti walakwitsa, watumiza 900 m'malo mwa 600, mumubwezere 300 pa njira ina. Chindapusa chenicheni chimadulidwa pa ndalama imene yabwera, sichifuna kuti inu mutumize kaye yanu. Musadine kalikonse mu imeloyo. Tsegulani akaunti yanu polemba nokha adiresi, kapena onani balansi pa *211# kapena *444#. Ngati ndalamayo mulibe, ndiye kuti sinabwere. Ngati yowonjezerayo yalowadi, ibwezeni kudzera pa batani la `Refund` la malipiro omwewo, kapena kudzera kubanki yanu kupita ku akaunti imene inatumiza, chifukwa malipiro a khadi yobedwa amadzabwezedwa patapita masabata, ndipo 300 imene munatumiza panjira ina idzakhala itachoka m'thumba mwanu.